Mutu Georgia, mawu apansi Verdana: za pulogalamu ya ukwati ija

Mphwanga, pulogalamu ya ukwati wanditumizira ija ndaiona. Ndili m'minibasi, tikuchoka ku Limbe, ndiye ukamva phokoso usadabwe. Vuto ndi limodzi basi. Mutu waika Arial, mawu apansi waika Calibri. Mafonti awiriwa ndi osiyana, inde, koma pang'ono kwambiri, moti woona amangoti kompyuta inasokoneza penapake. Ngati akusiyana, asiyane zoti aliyense aone.

Ndiye panga chonchi. Mitu yonse, monga "Mwambo wa ku Tchalitchi" ndi "Madyerero", uike Georgia, udine Bold, saizi 24. Mawu apansi uike Verdana, saizi 10, osanenepetsa. Ukayang'anitsitsa zilembo za Georgia uona timichira kumapeto, mwachitsanzo kumapazi a m ndi n. Verdana pamenepo ndi yosalala. Kusiyana tikufuna kuja ndi kumeneko, kuphatikizapo kukula ndi kunenepa kwa mutuwo.

Nanga chibale chawo chili pati? Onse awiri anawajambula munthu mmodzi, Matthew Carter, kuwakonzera a Microsoft, ndipo anatuluka mu 1996. Koma usangokhulupirira za ine, yesa wekha. Lemba mawu akuti "amama" kawiri pamzere umodzi, koyamba mu Georgia, kachiwiri mu Verdana, saizi yofanana. Taona msinkhu wa zilembo zazing'onozo. Verdana italikirapo pang'ono, koma zonse ndi zamsinkhu, zotambasuka, ndipo mimba ya a ndi yotseguka bwino. Zili ngati ana a bere limodzi, wina wavala suti, wina malaya wamba. Ukayesa mafonti ena n'kupeza kuti wina zilembo zake n'zazifupi zopanikizana pomwe mnzake n'zotambalala, amenewo sayendera limodzi, asiye.

Iii, kondakitala akufuna ndalama, dikira... eya.

Chenjera ndi Verdana, imadya malo. Mawu athu ndi ataliatali, "adzatsogoleredwa" yekha akhoza kutenga malo ambiri pamzere papepala lopinda pakati. N'chifukwa chake ndati 10, osati 12. Komanso usadine Justify, ikusiyira mipata ngati mano ogweluka. Mawu onse ayambire kumanzere.

Akwati akaumirira fonti yokhotakhota ija pa mayina awo, alole, koma pachikuto pokha, ndipo uyambe walembamo "Malaŵi". Mafonti okongoletsa ambiri alibe ŵ. Pamalo pake pamabwera kabokosi, kapena Word imabwereka chilembocho ku fonti ina n'kumaoneka chachilendo pakati pa anzake.

Ukamaliza, pulinta tsamba limodzi kaye, uliike patebulo, ubwerere m'mbuyo mapazi atatu. Mitu iziwerengeka uli pomwepo, mawu apansi azingooneka ngati mizere yotuwa. Zonse zikamaoneka zolemera mofanana, kweza mutu ufike 28. Unditumizire chithunzi ndisanatsike pa Ginnery Corner.