Makalata a Omvera: Mapiritsi Okodzetsa ndi Mchere wa M'magazi

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angoniya, ndipo iwo alemba motere: "Amayi anga ali ndi zaka 74 ndipo ndi ochepa thupi. Masiku 12 apitawo anawapatsa mapiritsi a hidrokolorotiyazida a mamiligalamu 25 chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Tsopano akudandaula mseru ndi mutu, nsima sakuifuna, akungomwa madzi ndi tiyi, ndipo dzulo anaiwala dzina la mdzukulu wawo, nadzandira potuluka m'nyumba. Ena akuti ndi ukalamba, ena akuti ndiziwamwetsa madzi ambiri. Ndichite chiyani?"

Mayi, ngati mukundimvera pano, ndikukupemphani kuti muwatengere agogowo kuchipatala lero lomwe, mutanyamula paketi ya mapiritsiyo, ndipo piritsi lotsatira lidikire kufikira a zaumoyo atawaona. Ukalamba subwera m'sabata ziwiri. Munthu amene mwezi watha ankadziwa adzukulu ake onse ndi maina awo akayamba kusokonezeka atangoyamba mankhwala atsopano, choyamba kuchiganizira ndi mankhwalawo, ndipo chimene ine ndikuchiopa kwambiri n'chakuti mchere wa m'magazi mwawo wotchedwa sodiyamu watsika. Malungo, shuga kapena sitiroko zingathenso kusokoneza mutu mwa njira yomweyi, n'chifukwa chake pamafunika kuyeza magazi, osati kungoganizira tili kunyumba.

Ndifotokoze mmene zimayendera, chifukwa mukazimvetsa mudzaona kuopsa kwa malangizo a madzi ambiri aja. Impso zathu zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku kuchokera m'magazi, koma pafupifupi onsewo zimawabwezanso m'thupi pamodzi ndi mchere wake, kotero kuti mkodzo umene timataya umangokhala lita imodzi kapena awiri. Sodiyamu ndi mbali imodzi ya mchere umene timathira m'ndiwo, ndipo kumene sodiyamu wapita, madzi amamutsatira. Mapiritsi okodzetsa, monga hidrokolorotiyazida, amatseka ena mwa makomo amene sodiyamu amabwererapo m'magazi, ndiye iye amatuluka ndi mkodzo, madzi n'kumutsatira, magazi n'kuchepetsa kuthamanga. Imeneyi ndiyo ntchito imene mankhwalawa anapangidwira, ndipo kwa anthu ambiri amaigwira bwino zaka ndi zaka popanda vuto.

Vuto la hidrokolorotiyazida lili pa malo amene amagwirapo ntchito. Iye amatseka chigawo cha impso chimene chimachotsa mchere mumkodzo kuti thupi lithe kutaya madzi opanda mchere wambiri. Chigawo chimenechi chikatsekedwa, thupi limataya mchere koma silithanso kutaya bwino madzi owonjezera. Pa nthawi yomweyo thupi likamva kuti madzi achepa m'mitsempha, limatulutsa homoni imene imalamula impso kusunga madzi, komanso limadzutsa ludzu. Munthu amamwa madzi, madziwo amatsalira m'thupi, ndipo sodiyamu wotsalayo amasungunuka monga mmene msuzi umasukulukira ukathiridwa madzi mopitirira. Magazi akasukuluka chotere, madzi amalowa m'maselo a ubongo n'kuwatupitsa, ndipo popeza ubongo uli m'chigaza chosatamuka, zizindikiro zoyamba zimachokera kumutu: mseru, litsipa, ulesi, kuiwalaiwala, kudzandira ndi kugwa. Zikapitirira munthu amangogona, amagwa ngati wakhunyu, kapenanso kukomoka kumene.

Amayi anuwo ali m'gulu la anthu amene vutoli limawagwira msanga: amayi okalamba, ochepa thupi, amene akudya pang'ono koma akumwa zamadzimadzi zambiri, ndiponso amene angoyamba kumene mankhwalawa, pakuti vutoli limakonda kuoneka m'sabata zoyambirira. Choncho musawakakamize madzi, koma musawanyambititsenso mchere poganiza kuti mukubwezera umene watayika.

Mukafika kuchipatala, nenani tsiku limene anayamba mapiritsi ndi tsiku limene zizindikiro zinayamba, ndipo pemphani kuti ayezedwe mchere wa m'magazi, kuyeza kumene kuno a zaumoyo amakutcha iyonogarama, pamodzi ndi kagwiridwe ka ntchito ka impso. Ngati pamalopo palibe makina ake, pemphani kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Pa pepala la zotsatira mudzaona zilembo Na, zimene zikuimira sodiyamu. Mlingo woyenera ndi kuyambira 135 kufikira 145. Ukakhala pakati pa 130 ndi 134, kawirikawiri kusiya kapena kusintha mankhwala ndi kuyezanso pakapita masiku ochepa kumakwanira. Ukatsika pansi pa 125, kapena munthu akakhala wosokonezeka mutu, amafunika kugonekedwa. Musadabwe mukaona kuti adokotala sakufulumira kuukweza, chifukwa sodiyamu amene watsika kwa masiku angapo amakwezedwa pang'onopang'ono, osapitirira 8 kapena 10 pa maola 24, popeza kumukweza mwachangu kumawononga ubongo. Ndipo zikatsimikizika kuti gwero ndi mapiritsiwa, muzikumbutsa a zaumoyo kulikonse kumene agogowo angapite, chifukwa akawayambanso vutoli limabwerera. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amene sakodzetsa alipo.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo wina wa zaka 58 wa ku Mowatize, ndipo akuti: "Ndili ndi matenda a mtima otupitsa miyendo. Ndimamwa fulosemida wa mamiligalamu 40 kawiri pa tsiku, komanso digokisina. Sabata yatha ndinatsekula m'mimba masiku atatu koma mapiritsi sindinasiye. Tsopano usiku minofu ya m'miyendo ikukokana, ndikakhala pansi ndikuvutika kudzuka, ndipo mtima ukuchita ngati ukudumpha. Mwezi watha pepala langa linasonyeza K 3,4. Kodi kudya nthochi zambiri kungathetse vutoli?"

Bambo, nthochi ndi zabwino, koma pamene mwafikapa sizingakwanire, ndipo inunso ndikukupemphani kuti mukayezedwe magazi lero. Chilembo K chikuimira potaziyamu, mchere winanso wa m'magazi, amene mlingo wake woyenera ndi kuyambira 3,5 kufikira 5,0. Mwezi wathawo munali kale pansi pang'ono pa malire, ndipo zimene zachitika kuchokera nthawi imeneyo zonse ndi zomutsitsa.

Njira imene potaziyamu amatayikira ndi yosiyana ndi ya sodiyamu ija. Fulosemida, amenenso ndi wokodzetsa, akatseka khomo la sodiyamu kumtunda kwa timachubu ta impso, sodiyamu wambiri amafika kumapeto kwake, kumene impso zimayesetsa kumupulumutsa. Koma kumeneko kuli msinthano: impso zikamabweza sodiyamu m'magazi, zimataya potaziyamu mumkodzo. Thupi likaona kuti madzi achepa, limawonjezera homoni yotchedwa alidositeroni, imene imalimbikitsa msinthano umenewu. Mwa njira imeneyi, munthu akamauma m'thupi, potaziyamu amatayikanso mofulumira. Kutsekula m'mimba kumataya potaziyamu wakewake kudzera m'matumbo, ndipo kutentha kwa ku Mowatize ndi mumzinda wa Tete, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa thupi ndi thukuta. Inu zitatu zonsezi zakupezani nthawi imodzi.

Potaziyamu ndi amene amathandiza minofu kukokana ndi kumasuka pa nthawi yake, ndipo mtima nawo ndi mnofu. Akachepa, miyendo imalefuka makamaka m'ntchafu, kotero kuti kudzuka pampando kapena kukwera chitunda kumavuta, minofu imakokana, matumbo amachita ulesi mpaka munthu kusowa chimbudzi, ndipo mtima umagunda mosalongosoka. Kukokana kwa minofu pakokha kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo sikundichititsa mantha kwenikweni. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kudumpha kwa mtimako pamene mukumwa digokisina, mankhwala othandiza mtima kugunda mwamphamvu, chifukwa potaziyamu akatsika, digokisina amagwira mtima mwamphamvu kuposa mmene anayenera, ndipo mlingo umene unali wabwino dzana umasanduka poizoni. Zizindikiro zake ndi mseru, kusanza, kusafuna chakudya, kuona zinthu ngati zachikasu ndi kusintha kwa kagundidwe ka mtima. Mukakomoka, mukamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, musadikire kuti kuche.

Za nthochi zija, tiyeni tiwerengere limodzi. Pafupifupi potaziyamu yense wa m'thupi, magawo 98 pa 100, amakhala m'kati mwa maselo, ndipo amene amayezedwa m'magazi ndi kachigawo kochepa chabe. Choncho nambala ya pa pepala ikatsika kuchoka pa 4 kufika pa 3, thupi limakhala litataya potaziyamu wochuluka zedi, wofanana ndi amene ali mu nthochi 20 kapena kuposerapo, pakuti nthochi imodzi imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 400. Ndipo pamene mukudya, impso zikupitirizabe kutaya. Nthochi, nyemba, mbatata, mapeyala, nkhwani ndi kachewere wa ku Tsangano ndi Angoniya zimathandiza kuti munthu amene mlingo wake uli bwino asatsike, koma kukweza amene watsika kale ndi ntchito ya mankhwala. Potaziyamu akafika pansi pa 3,0 amafunika chithandizo chachangu, ndipo pansi pa 2,5 moyo uli pangozi. Pemphaninso kuti aone mchere wina wotchedwa magineziyamu ngati n'kotheka, chifukwa mapiritsi omwewa amamutayanso, ndipo iye akachepa potaziyamu sakwera ngakhale mumwe mankhwala ake.

Komabe musakagule nokha mapiritsi a potaziyamu. Pali okodzetsa ena, monga esipironolakitona ndi amilorido, amene amasunga potaziyamu m'malo momutaya, ndipo enalapirilo, amene ambiri a matenda a mtima amamwa, amamusunganso. Munthu amene akumwa amenewa, kapena amene impso zake zafooka, akawonjezera potaziyamu mosayezedwa angamukweze mopitirira, ndipo zimenezo zimaimitsa mtima. Chovuta n'chakuti kuchuluka ndi kuchepa kwa potaziyamu zonse zimabweretsa kulefuka ndi kudumpha kwa mtima, kotero kuti ndi maso okha palibe angasiyanitse. Fulosemidanso musamusiyiretu mwa inu nokha, chifukwa madzi angadzaze m'mapapo. Mukapita lero, funsani adokotala kuti akuuzeni chochita ndi mapiritsi anu tsiku lina mukadzatsekula m'mimba kapena kusanza, popeza ambiri amalangizidwa kuwaimitsa kwa tsiku limodzi kapena awiri kufikira atayambanso kudya ndi kumwa bwino.

Kwa omvera ena amene mukumwa mapiritsi okodzetsa koma simukumva chachilendo chilichonse, kuyezako kukufunikabe, chifukwa mchere ukatsika pang'ono nthawi zambiri sipakhala chizindikiro. Magazi amayezedwa musanayambe mankhwala, kenaka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiponso nthawi iliyonse imene mlingo wa mankhwala wasinthidwa. Zinthu zikakhazikika, kuyeza kamodzi pa miyezi 6 kapena 12 kumakwanira kwa ambiri, ngakhale kuti a matenda a mtima kapena impso amayezedwa pafupipafupi kuposa pamenepo. Mapepala a zotsatira muziwasunga pamodzi ndi khadi lanu la kuchipatala, kuti wokuonani athe kuyerekeza nambala ya lero ndi ya m'mbuyomo.