Alamu Yalira mu Hotelo: Mlendo Wosamva Chinenero Chanu Mumuuza Bwanji?

[Kanema: kolido ya hotelo usiku, belu likulira, zitseko zonse zotseka]

Nthawi ili 2 koloko usiku, belu likulira, koma palibe chitseko chomwe chatseguka. Wina akuti ndi zoyeserera, wina wafunda bulangete kumutu. Musachoke, chifukwa pa mfundo yachiwiri tikugwetsa bodza limene mamanijala ambiri amalikhulupirira.

Choyamba, mwachangu. Mlendo adzuke kaye: phokoso lifike madesibelo 75 pa pilo pake, chitseko chili chotseka. Kuyezera mu kolido n'kudzinamiza. Kwa osamva, ikani magetsi ophethira ndi kachipangizo konjenjemera pansi pa pilo. Basi, tipitirire.

Chachiwiri, bodza lija: "Osatchula mawu oti moto, alendo angachite chipwirikiti n'kupondana." Ayi ndithu! Ndatopa nalo bodza limeneli. Vuto lenileni ndi kuchedwa. Munthu akamva belu amayamba wasuzumira pakhomo, aimbire foni ku risepushoni, avale, afunefune pasipoti, uku utsi ukukwera. Pa moto wa hotelo ya MGM Grand ku Las Vegas mu 1980 panafa anthu 85, ambiri chifukwa cha utsi m'nsanjika zam'mwamba, kutali ndi pomwe motowo unayambira.

Ofufuza awiri, Guylène Proulx ndi Jonathan Sime, anayesa zimenezi pa siteshoni ya sitima zapansi ku Newcastle, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1991. Ataliza belu lokha, anthu anangokhala ngati palibe chachitika kwa mphindi zoposa 8. Atalengeza pa sipika chimene chachitika, pomwe chachitikira ndi kolowera, anthu ananyamuka mphindi ziwiri zisanathe. Ndiye taganizani mlendo wosamva chinenero chanu, inu n'kumuuza mozungulira kuti "pachitika kavuto pang'ono, tikupepesa chifukwa chokusokonezani". Mawu amodzi omwe akanawatola, oti moto, mwawabisa. Akadagona.

Ngati bodzali munalimvapo kuntchito kwanu, lembani m'munsimu, ndipo batani la sabusikiraibu lili pomwepo, ndi laulere.

Chachitatu, uthengawo. Unene zinayi zokha: akulankhula ndani, chachitika n'chiyani, mlendo achite chiyani, asachite chiyani.

[Mawu pa sikirini]

"Tamverani. Uwu ndi uthenga wochokera ku hotelo. Kwabuka moto m'nyumba muno. Tulukani tsopano. Tsatirani zikwangwani zobiriwira. Tsikani pa masitepe. Musakwere chikepe."

Mawu 21, pafupifupi masekondi 12 mukalankhula mosathamanga. Tsopano tiwerengere limodzi. Tinene kuti hotelo yanu imalandira olankhula zinenero zitatu. Kulira kochenjeza masekondi 8, kenako zinenero zitatu, pakati pake mpata wa masekondi awiri: zonse pamodzi masekondi 48, kenako zibwereze. Wachinenero chachitatu amadikira masekondi 36 asanamve chake. Muikepo zinenero zisanu ndi chimodzi, womaliza adikira masekondi 78, ndipo amene chake chamupitirira ali m'tulo adikira mzere wonse uzungulire. N'chifukwa chake ine ndimati zitatu zakwana. Zisankheni poyang'ana m'kaundula wa alendo anu, osati mongoganizira. Otsalawo awathandize ndi chithunzi chobiriwira cha munthu akuthamangira pakhomo, cha muyezo wa ISO 7010, mapu a kuseri kwa chitseko, ndi antchito oima pa masitepe akuloza ndi dzanja.

Pali msampha apa: manambala a nsanjika. Imene Mngelezi amaitcha nsanjika yoyamba, Mmereka amaitcha yachiwiri. Ngati mukutulutsa anthu nsanjika ndi nsanjika, tchulani nambala yomwe yalembedwa pa khoma ndi pa zitseko, monga "zipinda zoyamba ndi 4".

Chachinayi: jambuliranitu mawuwo, ndipo awerenge ndi mwini chinenerocho. Wa pa risepushoni usiku amakhala yekha, mtima uli m'mwamba. Zinenero zitatu sangazikwanitse pa maikolofoni. Liwu likhale lodekha koma lolamula, lopanda kupepesa.

Chachisanu, n'chimene ambiri amadumpha: kukweza voliyumu si kumveketsa mawu. M'masitepe a konkire mawu amabwerera n'kudyana okhaokha. Akatswiri amayeza zimenezi ndi nambala yotchedwa STI, yoonetsa mmene mawu akumvekera bwino, ndipo cholinga chofala ndi 0.5. Mulibe chipangizo? Imikani munthu wolankhula chinenerocho m'bafa, shawa ikutuluka, wina pa masitepe, mulize uthengawo, alembe zomwe amva. Akasowa "musakwere chikepe", onjezani masipika ang'onoang'ono pafupipafupi m'malo mwa imodzi yokuwa. Nyimbo za mu bala nazonso zizizima zokha alamu ikangoyamba.

Vidiyo yotsatira ndi ya alendo a pa njinga za olumala: chikepe chaletsedwa, atsika bwanji? Dinani kabelu kaja, kosadzutsa munthu usiku.