Makalata a Omvera: Kodi Kujambula Anzathu pa Zoom N'kololeka?

"Zikomo aulutsi. Ndine mlembi wa kagulu ka aphunzitsi 18 amene timakumana pa Zoom Lachisanu lililonse. Otithandiza ndalama akufuna chithunzi chosonyeza kuti timakumanadi. Kodi ndingangojambula sikirini msonkhano uli mkati, kapena ndipemphe aliyense? Ndine Mayi Banda, ku Kapata kuno ku Chipata."

Mayi Banda, pemphani, ndipo pemphani musanajambule. Munthu akadina batani la Record, Zoom imalengeza yokha kuti msonkhano ukujambulidwa, ndipo aliyense amaona chizindikiro pa sikirini yake. Koma mukatenga chithunzi cha sikirini, kaya ndi mabatani a foni kaya ndi Print Screen pa kompyuta, palibe amene amauzidwa kalikonse. Choncho makina sangakupemphereni, ntchito imeneyo ndi ya pakamwa panu.

Popempha muwauze zinthu zitatu: mukujambula chiyani, chithunzicho chipita kwa ndani, ndipo chidzasungidwa kuti. Munganene kuti, "Aphunzitsi anzanga, tikamaliza nkhani yoyamba nditenga chithunzi chimodzi cha nkhope zathu. Chilowa mu lipoti la otithandiza basi, sichipita pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp. Amene sakufuna azime kamera." Mukatero dikirani pang'ono, theka la mphindi likwana, kenako werengani mokweza mpaka katatu ndi kujambula. Kuwerengako kumapatsa mpata mayi amene akuyamwitsa kuti akonze chitenje, kapena bambo amene akudya kuti aike mbale pansi.

Kukhala chete kwa anthu musakutenge ngati avomera. Pa netiweki yathu ino wina amakhala kuti mawu anu anaduka, wina wathamangira kukhitchini kamera ikuyaka. Auzeni ovomera alembe "eya" pa Chat. Tiyerekeze kuti pa 18 aja, 14 alemba, atatu azima makamera, mmodzi sanayankhe koma nkhope yake ikuoneka. Mmodzi ameneyo muitaneni ndi dzina. Akapanda kuyankhabe, nkhope yake ifafanizidwe pachithunzi.

Atatu ozima makamera aja nawonso sanabisike kwenikweni, chifukwa kabokosi kawo kamasonyezabe dzina, nthawi zina ndi chithunzi chimene anaika okha. Pa Zoom ya pa kompyuta pali malo olembedwa Hide Non-video Participants. Mukadina pamenepo mabokosi awo amachoka pa sikirini yanu. Ikaninso Gallery View kuti onse 15 otsalawo aoneke pamodzi, ndipo tsekani Chat musanajambule, kuopa kuti uthenga umene wina anakutumizirani panokha ungalowe nawo. Pa Windows, kudina Win + Shift + S kumakulolani kusankha mbali yokhayo imene mukufuna, m'malo motenga sikirini yonse pamodzi ndi maimelo anu.

Pofafaniza dzina kapena nkhope, gwiritsani ntchito bokosi lakuda lodzaza. Cholembera cha pa foni chooneka ngati inki yopepuka chimanyenga: maso saona kalikonse, koma wina akawonjezera kuwala kwa chithunzi, zilembo za pansi zimatulukira. Yang'ananinso kumbuyo kwa anthu. Mwana wodutsa atavala thaulo, bedi, mankhwala a pa tebulo, zonsezi mwini wake sanavomere kuti zipite ku ofesi ya anthu ena.

Dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2021. Nkhope yozindikirika pamodzi ndi dzina zili m'gulu la zinthu zimene lamuloli limateteza, ndipo munthu amene anavomera angathe kubweza chilolezo chake. Ndiye ngati mwezi wamawa otithandiza aja anena kuti akufuna kuika chithunzicho pa tsamba lawo, mubwererenso kwa anzanu. Anavomera lipoti, sanavomere kulengezedwa.

Kalata yachiwiri yachokera ku Katete. "Ndimaphunzira unamwino ndipo makalasi ena timachita pa Google Meet. Aphunzitsi amathamanga, ndiye ndimajambula masilaidi onse n'kutumiza kwa anzanga amene bando inawathera. Kodi ndikulakwa? Ndine Tembo."

A Tembo, mtima wothandiza anzanu ndi wabwino, koma pali zinthu ziwiri zimene mwaziphatikiza. Kujambula silaidi kuti muwerenge nokha usiku n'kofanana ndi kulemba manotsi, ndipo aphunzitsi ambiri sakana mukawafunsa kumayambiriro kwa temu. Kutumiza kwa ena ndi nkhani ina, chifukwa masilaidiwo ndi ntchito ya amene anawalemba kapena ya sukulu yawo. Funsani mafunso onse awiri padera: "Kodi ndingajambule kuti ndiziwerenga?" ndiponso "Kodi ndingatumize ku gulu la kalasi yathu?" Njira yabwino koposa n'kupempha kudzera mwa mtsogoleri wa kalasi kuti aphunzitsi atumize okha PDF. Imawerengeka bwino kuposa zithunzi 40 zosaoneka bwino, ndipo aphunzitsi amakhala ndi mpata wochotsa zimene siziyenera kutuluka.

Pa maphunziro anuwo pali choopsa chapadera. Silaidi ina imakhala ndi chithunzi cha bala la wodwala, kapena pepala la zotsatira za magazi lokhala ndi dzina ndi mudzi. Zoterezo musajambule n'komwe, ngakhale zoti muwerenge nokha. Mafoni ambiri amakweza zithunzi okha ku Google Photos, ndipo foni ya m'nyumba imagwiridwa ndi ambiri. Ku Katete anthu amadziwana. Wina angazindikire wachibale wake ndi chipsera chokha. Chimodzimodzi silaidi ya mamakisi a ophunzira. Ndipo mukamajambula silaidi yololedwa, dulani mbali imene ili ndi timabokosi ta nkhope za anzanu, itsale silaidi yokha ndi dzina la mwini wake.

Yomaliza ndi ya bambo wina wa ku Chadiza amene wapempha kuti tisatchule dzina. "Mwana wanga wazaka 15 anajambulidwa akuwodzera pa kalasi ya pa intaneti. Chithunzicho chili pa gulu la WhatsApp, anzake akumuseka. Ndichite chiyani?"

Pepani bambo, zimenezi zimamupweteka mwana kwambiri. Chitani lero lomwe. Choyamba sungani umboni wosonyeza amene anatumiza, tsiku ndi nthawi, koma musautumize kwa achibale kuti aone, chifukwa kumeneko n'kufalitsanso. Kenako lankhulani ndi wotumizayo kapena makolo ake mwaulemu kuti adine Delete for everyone. Mwayi umenewu umatha pakapita masiku pafupifupi awiri, ndipo mkati mwa nthawi imeneyo oyang'anira gulu nawonso angafute uthenga wa wina aliyense. Dziwani kuti kufutako sikuchotsa chithunzi kwa amene anachisunga kale kapena kuchitumiza kwina, choncho aphunzitsi a kalasi alembe pa gulu kuti aliyense achichotse m'foni mwake, ndi mu Trash momwe.

Mwana wazaka 15 sangapereke yekha chilolezo cha zinthu zotere. Lamulo lija limafuna kholo kapena womulera. Pitani kwa aphunzitsi aakulu mukapemphe kuti sukulu ilembe lamulo la kalasi: palibe kujambula nkhope ya mnzako, ndipo mwana aloledwe kuzima kamera akamaliza kuyankha dzina lake. Kunyozako kukapitirira, ofesi ya Victim Support Unit ku polisi imalandira madandaulo okhudza ana, ndipo mupite ndi umboni uja.