Makalata a Omvera: Uthenga kwa mnzako pa WhatsApp

Kalata yathu lero yachokera kwa mnyamata wa ku Bangula, m'boma la Nsanje. Akuti:

"Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko m'mudzi mwathu, choncho ndinazolowera makalata a ku ofesi. Ndinalembera mnzanga wa ku Nchalo pa WhatsApp motere: 'Wokondedwa mnzanga, choyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu. Kunena ine ndili bwino. Cholinga cha uthenga uno ndi kukudziwitsani kuti Lachinayi ndidzafika ku Nchalo madzulo, ndipo ndikupempha malo ogona usiku umodzi popeza Lachisanu m'mawa ndikufunika ku boma ku Chikwawa. Ndidzakhala wokondwa pempho langa likaganiziridwa. Ndatha ine mnzanu.' Iye anayankha kuti, 'Ndakulakwira chani kodi?' Ndikanalemba bwanji?"

Zikomo achimwene a ku Bangula. Tiyambire pa chimene chinamubaya mnzanuyo, chomwe ndi "inu". Ngati mumaitanana "iwe" kuyambira muli ku pulayimale, tsiku limene mwamulembera kuti "moyo wanu" ndi "kukudziwitsani" iye amamva kuti mwamukankhira patali, pakuti anthu ozolowerana akayamba kupatsana ulemu wadzidzidzi kawirikawiri pamakhala nkhani. Ndiye dzifunseni: mukanakumana naye pa siteji ya minibasi pa Nchalo, mukanamuitana bwanji? Ngati ndi "iwe", uthenga wonse uyende ndi "iwe": wako, kwako, ndikuuza. Koma alipo anzathu ena, makamaka otiposa zaka, amene timacheza nawo momasuka tikuwatchulabe "achimwene" ndi "inu". Oterewo musawatsitse. Kumasuka kwa uthenga kukhoza kukhalapo ulemuwo uli pomwepo.

Kenako chotsani zonse zimene zinapangidwira kalata ya mu envelopu. "Wokondedwa" ndi "ndatha ine" zinali zofunika pamene kalata inkatenga masiku panjira ndipo wolandira ankayenera kudziwa wolemba. Pa foni dzina lanu likuoneka kale pamwamba. "Cholinga cha uthenga uno" ndi "pempho langa likaganiziridwa" ndi mawu opita kwa bwana amene angathe kukukanani. Mnzanu mumangomufunsa. Ngakhale "ndidzafika" amamveka ngati chidziwitso cha msonkhano. Pakamwa timati "ndibwera" kapena "ndikubwera".

Chimene simuyenera kukhudza ndi mfundo zake. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa pofuna kumveka omasuka amafupikitsa mpaka tsiku ndi nthawi zisowa. Mu uthenga wanu muli zinthu zinayi zoti zitsale: Lachinayi, madzulo, usiku umodzi, ndi chifukwa chake. Ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi:

"Aise, bho? Alamu ndi ana ali bwanji?
Ndikubwera ku Nchalo Lachinayi cha m'ma 5 madzulo. Ndigone kwako usiku umodzi? Lachisanu ndilawirira ku boma ku Chikwawa.
Ngati uli ku ntchito usiku undiuze, ndione pena."

Mwaona kuti moni sindinautaye, ndangoufupikitsa. Kwathu kuno kuyamba ndi pempho usanafunse za kunyumba n'kusowa khalidwe, kaya ndi pa foni. Mzere womalizawo ndiwo walowa m'malo mwa "likaganiziridwa". Ukumupatsa mnzanu mpata wokana popanda manyazi, ndipo ukusonyeza kuti mukudziwa moyo wake, pakuti nyengo yodula nzimbe ambiri ku Nchalo amagwira ntchito mosinthana usana ndi usiku.

Mizere itatuyo itumizeni nthawi imodzi. Musalembe "bho?" n'kukhala chete kudikira yankho. Netiweki ikhoza kuthawa, bando ikhoza kutha, mnzanu n'kudzaona moni wokha Lachisanu inu mutadutsa kale.

Pa mawu achinyamata, gwiritsani okhawo amene amatuluka kale pakamwa panu. Ngati simunanenepo "aise" kapena "shapu" kwa iye, mukawaunjika lero adzakayika kuti foni yanu ili m'manja mwa wina, ndipo masiku ano anthu akuchenjera ndi akuba olemba ngati anzawo. Ngati mukacheza mumasakaniza Chisena, sakanizani ndithu. "Takhuta" wanu adzamuzindikira msanga kuti ndinu. Musanatumize, werengani mokweza. Pamene lilime lapunthwa, kapena pamene mwamva ngati mukuwerenga malipoti a komiti, pakonzeni.

Pali nkhani ziwiri zimene ndikupemphani muzisamale ngakhale kwa mnzanu wa pamtima. Uthenga wa maliro usakhale ndi "kkkk", tizithunzi toseka kapena mawu odula. Tchulani dzina la malemu, mudzi ndi tsiku loika, ndipo ngati n'kotheka imbani foni. Ina ndi ngongole. Mukhoza kunena kuti "aise, ndibwereke K20,000, ndibweza pa 30 ndikagulitsa thonje", koma ndalamazo ndi tsikulo zilembedwe m'manambala, kuti nonse mudzathe kubwerera pa uthengawo mukadzasiyana zokumbukira.

Za mnzanu wa ku Nchaloyo, funso lake lija likudikirabe yankho. Mulembereni lero kuti, "Palibe chimene walakwa iwe, ndinangolemba ngati ndili ku komiti," kenako mutumize mizere itatu ija Lachinayi lisanafike.