Nyumba yogulitsa ku Zomba: ndowa imodzi ya penti ipite pati?

Takulandirani. Tiyerekeze kuti muli ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Matawale, mukufuna kuigulitsa, koma ndalama yomwe muli nayo ikungokwana ndowa imodzi ya penti ya malita 20. Musayambe mwathamangira burashi.

Onani kaye m'munsi mwa khoma. Kuno ku Zomba mvula siinyengerera, ndiye makoma ambiri amamwa chinyontho kuchokera pansi. Penti ikamatukusira, kapena pakamatuluka ufa woyera ngati mchere, vuto si penti ayi, ndi madzi. Matani pepala la pulasitiki pakhomapo ndi tepi mbali zonse, likhale usiku wonse. Mukapeza kuti mkati mwake mwachita thukuta, khomalo ndi lonyowa. Yambani mwakonza ngalande kuti madzi a padenga asamaime m'mbali mwa nyumba, palani zotukusirazo, khoma liume. Mukangopaka pamwamba, mvula ikadzabwera mu Disembala zonse zidzakanganuka, mwina wogula asanamalize n'kulipira komwe. N'chifukwa chake ntchitoyi imayenda bwino m'chilimwe.

Tsopano tiwerengere. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse, mukachotsera chitseko ndi windo, makoma ake amakwana pafupifupi masikweyamita 28. Lita imodzi ya penti ya madzi imapaka masikweyamita 8 mpaka 10, ndipo mumafunika kupaka kawiri. Chipinda chimodzi chidya malita 6 kapena 7. Ndowa yanu ija ndi ya zipinda zitatu basi. Ine ndingasankhe pabalaza, kukhitchini ndi khoma lakumaso. Kuchipinda kwa ana ingotsukani ndi sopo. Mtundu ukhale woyera kapena wa kirimu. Wobiriwira uja mumaukonda ndinu, wogula akuwerengera ndalama yodzaufafaniza.

Kuchotsa katundu sikulira ndalama, koma n'komwe anthu amalimbalimba. Mipando iwiri, disipuleyi yodzaza mbale, makalendala a zaka zapita, matumba a chimanga pakhonde lamkati: zonsezi zikasungidwe kwa achibale. Wogula akufuna aone pansi ndi ngodya zonse, aganize poika bedi lake. Tsegulani makatani.

Pomaliza polowera. Munthu amaima pageti kudikira kuti mumutsegulire, ndipo nthawi imeneyo maso ake ali pantchito. Thirani oyilo m'mahinjesi, geti lisalire. Tchetchani udzu, yalani njerwa zootcha kapena miyala ya kwale kuchokera pageti mpaka pakhomo kuti asaponde matope, ndipo ndere zoterera zija muzikwechese ndi burashi yolimba. Chitseko chipakeni penti ya mafuta, lita imodzi ikwana, yotsalayo mulembe mzere wakuda m'munsi mwa khoma lakunja, pomwe dothi lofiira limathothokera. Khonde lipakidwe polishi. Ndipo babu wapakhonde aziyaka, chifukwa ena amabwera kudzaona nyumba madzulo akaweruka kuntchito.