Musanayambe kuphunzitsa, yezani kaye zomwe omvera akudziwa

[Wofotokoza waima pambali pa bolodi]

Tiyerekeze kuti mwaitanidwa ku Lusangazi, kunja kwa Mzuzu, kukaphunzitsa kalabu ya alimi 30 kapangidwe ka manyowa a Mbeya. Akupatsani mphindi 20. Muyambire pofotokoza kuti Mbeya n'chiyani, kapena mulowe m'miyezo?

Funso lakuti "Mbeya mukumudziwa?" lisiyeni. Wapampando akangoti "eee", onse avomera mwaulemu, ngakhale amene anangomva dzinali pawailesi. Funsani zomwe munthu anachita ndi manja ake: "Amene munapangapo Mbeya pakhomo panu, imikani mkono." Werengani mikonoyo.

[Pabolodi: mikono 12 mwa anthu 30]

Mikono 12 sinakuuzenibe zambiri, pakuti kupangapo si kudziwa. Sankhani awiri mwa iwo, osati akomiti okhala kutsogolo, koma mmodzi akhale mayi wakumbuyo uko. Woyamba mumufunse kuti, "Thumba mumamasula patapita masiku angati?" Yankho lodziwika ndi 21, masiku amene manyowawo amakhala m'thumba lomanga kuti apse. Wachiwiri mumufunse chifukwa: "Mayi, pulasitiki ya m'kati mwa thumba ndi yachiyani?" Akati ndi yoletsa mpweya kulowa ndi chinyezi kuthawa, amenewo akumvetsa. Akati "ndi mmene anatiuzira alangizi", akudziwa ndondomeko koma osati chifukwa chake, ndipo apo ndi pamene phunziro lanu lagona. Zonsezi zisapitirire mphindi 3.

Tsono gululi ndi losakanikirana, 18 sanapangepo. Apatseni mphindi 5 za chiyambi: zosakaniza ndi ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi. Koma musazitchule inu. Imitsani mmodzi mwa 12 aja azitchule, inu muzingokonza pomwe waphonya. Odziwa satopa akakhala ndi ntchito. Mikono ikanakhala 25, chiyambi chikanakwana mphindi imodzi. Ikanakhala 3, theka la nthawi likanapita kumeneko, ndi thumba lenileni pamaso pawo.

Mukulankhula muziyang'anabe nkhope. Anthu akayamba kukumalizirani ziganizo kapena kutulutsa mafoni, mwabwerera m'mbuyo kwambiri, dumphani. Chovuta kuona ndi chinacho: kugwedeza mitu kopanda funso lililonse, kapena funso lofunsa zomwe mwanena mphindi 5 zapitazo. Pamenepo mwawasiya panjira. Bwererani pa mawu omaliza amene anawamva bwino, osati pachiyambi penipeni.

Kuno ku Mzuzu palinso china. Ambiri pakhomo amalankhula Chitumbuka, ndiye chete wa agogo ena sakutanthauza kuti nkhaniyo sakuidziwa, mwina ndi Chichewa chanu chathamanga. Aloleni ayankhe m'Chitumbuka wina amasulire, kenako muwerengenso mikono ija musanagawe mphindi zanu.