Chigayo chapsa, inshuwalansi sinalipire: m'buku tilemba zingati?

Zikomo apampando, a mfumu, amayi ndi abambo nonse. Mwandiitana chifukwa cha chigayo cha kopaletivi yanu chimene chinapsa mu Novembala, ndipo ndamva kuti pa msonkhano wapita kunali mtsutso. Ena amati palibe chimene tataya, poti tili pa inshuwalansi. Amayi asungichuma anakana, ndipo ine ndili mbali yawo.

Tiyambire pa chigayocho, inshuwalansi tiyambe taisiya pambali. Munachigula K24,000,000, n'kunena kuti chidzagwira ntchito zaka 10. Choncho chaka ndi chaka mumachotsera K2,400,000 ya kutha kwake. Chagwira zaka 3, ndiye kuti tsiku la moto m'buku chinali pa K16,800,000. Mtengo umene munagulira uja muuiwale, poyambira pathu ndi apa.

Ndapita ndakachiona m'mawa uno. Mota yapsa, mawaya akuda bii, malamba anasungunuka n'kumatirira pansi. Koma thupi la chigayo ndi nyundo zake zilipo. Ndiye funso ndi loti, monga chilili leromu, tingapezepo zingati? Lamulo la zowerengera chuma lotchedwa IAS 36 limati tiyeze pawiri. Koyamba, titachigulitsa, n'kuchotsapo ndalama zimene tingawononge pogulitsapo, titsala ndi zingati? Kachiwiri, titapitiriza kuchigwiritsa ntchito monga chilili, ndalama zimene chingatibweretsere mtsogolo ndi zokwana zingati pa mtengo wa lero? Chimene chakula pa ziwirizi ndicho timatenga. Chanuchi sichikuzungulira n'komwe, ndiye tidalire kugulitsa. Munthu wina wakuuzani K5,000,000, ndipo kuchimasula ndi kuchinyamula, zimene zili kwa inu, ndi K400,000. Zotsala K4,600,000.

Chotsani K4,600,000 pa K16,800,000. Mupeza K12,200,000. Imeneyo ndi ndalama yotayika, ndipo ilembedwe chaka chomwe chino cha moto, osadikira aliyense. M'buku la katundu chigayo chitsike kufika pa K4,600,000.

Eya bambo, ndakumvani. Akuti, nanga si a inshuwalansi abweza, bwanji osangochotsera n'kulemba zotsalazo? Apa m'pamene ambiri amagwera. Kupsa kwa chigayo ndi nkhani imodzi, kulipira kwa inshuwalansi ndi nkhani ina, ndipo kugula chigayo chatsopano ndi yachitatu. Lamulo lina la zowerengera chuma, IAS 16, limati chilichonse chilembedwe pachokha. Moto unachitika, tonse tinaona utsi. Koma ndalama ya inshuwalansi, pakali pano chimene muli nacho ndi fomu imene munadzaza, lipoti la apolisi ndi zithunzi. Fomu si ngongole. Imasanduka ngongole imene kampani ili nayo kwa inu pamene palibenso chikaiko choti ilipira, ndipo umboni wabwino ndi kalata yawo yovomera.

Chikaiko chilipodi. Wodzayeza kuwonongeka akhoza kupeza kuti munachedwa kulipira ndalama ya chaka, kapena kuti mawaya analumikizidwa mwachinyengo. Palinso msampha uwu: ngati munalembetsa chigayo pa mtengo wotsika kuposa mtengo wake weniweni, nawonso amadula malipiro pa muyeso womwewo. Mukalembetsa theka, alipira theka la zowonongeka. Mmene katundu wakwerera chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ambiri mapepala awo akadali pa mitengo yakale. Kaoneni anu madzulo ano.

Ndiye potseka mabuku pa 31 Disembala, ngati kalata sinabwere, mulemba K12,200,000 yotayika, ya inshuwalansi osalemba ngakhale tambala. Ngati zikuoneka kuti alipira, mungofotokoza m'mawu m'munsi mwa malipoti kuti tinapempha chipukuta misozi, tikudikira yankho. Chaka chimenecho chioneka choipa, inde, ndipo mamembala adandaula.

Tinene kuti mu Malichi kalata yafika. Avomera K10,000,000, koma m'pangano muli gawo limene mumadzisenzera nokha, K1,000,000. Tsiku limenelo mulemba K9,000,000 pawiri: ngati ndalama imene akutisungira a inshuwalansi, komanso ngati phindu, pa mzere wakewake. Ndalamayo ikalowa ku banki, mungofafaniza ngongoleyo, musailembenso ngati phindu kachiwiri. Ndinapezapo gulu lina litalemba kawiri, mpaka linagawana ndalama zimene kulibe.

Mukaphatikiza zaka ziwirizo, mwataya K3,200,000, koma zioneka motere: K12,200,000 yotayika chaka chino, K9,000,000 yolowa chaka chamawa. Chigayo chatsopano mukagula chidzalowa m'buku pa mtengo wake wonse, osachotserako ya inshuwalansi.

Amayi asungichuma, kalata ya wogula uja wa K5,000,000 muisunge bwino, chifukwa odzafufuza mabuku adzafunsa kumene K4,600,000 yachokera. Kumbuyoko ndaona dzanja, funsani mayi.